Foni imodzi, akaunti ziwiri: kampani yobetcha ikuona chiyani?

M'makomo ambiri kuno kwathu foni ya intaneti imakhala imodzi, ndipo imayenda m'manja mwa onse. Palibe amene amachiona chachilendo. Koma makompyuta a makampani obetcha mpira amachiona mwina: akaunti ziwiri zikatsegulidwa pa foni imodzi, zonse n'kulandira bonasi ya olowa kumene, amayamba kukayika ngati eni akewo alidi anthu awiri. Kukayikako sikuonekera poika ndalama ayi. Kawirikawiri kumatulukira tsiku lotapa, munthu atawina.

Kampani ili ndi chifukwa chochitira mantha, ndipo masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze kuti wolowa kumene aliyense amapatsidwa beti yaulere ya K5,000. Munthu mmodzi watsegula akaunti zitatu ndi ziphaso za abale ake. Pa masewero amodzi, akaunti yoyamba yabetchera eni bwalo pa maodzi a 2.50, yachiwiri yabetchera kufanana mphamvu pa 3.00, yachitatu yabetchera alendo pa 2.80. Mpira ungathe bwanji, imodzi mwa zitatuzi iwina basi. Beti yaulere nthawi zambiri imalipira phindu lokha, osabweza K5,000 ija, choncho munthuyu atenga K7,500, kapena K10,000, kapena K9,000, asanaike pachiswe ndalama yake pa masewerowo. Akachita zimenezi ndi akaunti makumi atatu ndiye kuti wapeza geni. N'chifukwa chake m'malamulo a bonasi mumapezeka mawu akuti bonasi ndi imodzi pa munthu, ndipo makampani ambiri amawonjezera kuti imodzi pa nyumba, pa foni, pa adiresi ya intaneti, ndi pa njira yolipirira.

Kampani siiona nkhope ya wobetcha. Imaona zizindikiro zimene foni imasiya ikalowa: mtundu wa foniyo, kukula kwa sikirini, pulogalamu yotsegulira intaneti, chilankhulo ndi nthawi zimene zinatcheredwa, komanso timafayilo totchedwa cookies timene tsamba limasiya m'foni kuti lidzaizindikire ikabweranso. Zonsezi zikaphatikizidwa zimakhala ngati chidindo cha chala cha foniyo. Kusintha simu kadi sikufufuta chidindochi, ndipo ambiri sadziwa zimenezi.

Tsopano taganizani za anyamata awiri apachibale a ku Ndirande, onse opitirira zaka 18. Wamkulu ali ndi foni ya intaneti, mng'ono wake ali ndi kafoni ka mabatani. Wamkulu anatsegula akaunti mwezi watha n'kulandira bonasi. Mng'ono wake wabwereka foni ija, watsegula yake ndi nambala yake, nayenso walandira. Simu ya mng'onoyo inalembetsedwa pa chiphaso cha unzika cha mayi awo, poti pamene ankaigula anali asanatenge chake. Mu Mpamba mwake munalibe kanthu tsiku limenelo, ndiye anati, "Achimwene, ndiikireni kaye, ndikubwezerani Loweruka." Kenako yafika debi ya mu Blantyre. Wamkulu ndi wa Bullets chibadwire, mng'ono wake ndi wa Noma, ndipo aliyense wabetchera timu yake, mphindi zochepa motsatizana, pa foni yomweyo.

Kwa ife izi ndi nkhani za pakhomo. Koma kompyuta yaona foni imodzi, akaunti ziwiri, ndalama zochokera pa nambala imodzi, dzina la pa simu losiyana ndi la pa akaunti, ndi mabeti otsutsana pa masewero amodzi, onse a bonasi. Ndi ndendende zimene wakuba uja amachita. Wowinayo akafuna kutapa, ndalama imaima, uthenga n'kubwera woti akaunti ikuunikidwa, ndipo nthawi zina zonse ziwiri zimatsekedwa.

Zizindikirozi sizilemera mofanana, ndipo m'pofunika kudziwa chopepuka ndi cholemera. Adiresi ya intaneti, imene amaitcha IP, ndiyo yopepuka kwambiri. Makampani a netiweki ya foni amagawira makasitomala ambirimbiri adiresi imodzi nthawi imodzi, moti anthu osadziwana n'komwe akhoza kuoneka ngati ali pamodzi. Chimodzimodzi ophunzira a m'hositelo kapena antchito a muofesi imodzi. Kampani yodziwa ntchito siingatseke akaunti pa chifukwa chimenechi chokha. Foni imodzi imalemerapo. Koma cholemera koposa ndi ndalama: ikalowa kuchokera pa nambala ya munthu wina, kapena akaunti ziwiri zikamatapira pa nambala imodzi, kukayika kumakula zedi. Apa palinso nkhani ya lamulo, chifukwa makampani obetcha amayenera kudziwa makasitomala awo bwinobwino pofuna kuletsa kubisa ndalama zopezeka mwachinyengo, ndiponso kuti ana asabetche pa mayina a akuluakulu.

Ine ndimaona kuti cholakwa chachikulu chili pa mawu aja akuti "nyumba imodzi". Lamulo limeneli limayenda bwino kumene munthu aliyense ali ndi foni yake ndi khadi lake la kubanki, komanso kumene nyumba ili ndi nambala ndi dzina la msewu. Kuno mpanda umodzi umakhala ndi mabanja asanu a lendi, ndipo kubwerekana foni si chinyengo. Kampani imene imalandira ndalama za abale awiri mosafunsa, n'kudzakumbukira lamulo pokhapokha mmodzi atawina, siikuchita chilungamo. Ngati foni yachiwiri siiloledwa kulandira bonasi, uthengawo uzibwera pa tsiku lolembetsa. Ndipo kompyuta ikakayika, pazikhala munthu woti aone ziphaso ndi kumva nkhani yonse ndalama ya wina isanagwidwe.

Pakadali pano, a pakhomo limodzi akhoza kudziteteza. Chotchinjiriza chachikulu ndi chakuti mayina atatu agwirizane: la pa chiphaso cha unzika, la pa simu ya Airtel Money kapena Mpamba, ndi la pa akaunti yobetchera. Ngati simu ili m'dzina la mayi kapena mkazi wanu, kakonzetseni ku ofesi ya netiweki musanatsegule akaunti. M'bale wanu akafuna kukuthandizani, akutumizireni ndalamayo pa nambala yanu, inu muike nokha. Ndipo ngati foni ndi imodzi, wachiwiri kulembetsa ayambe wafunsa kampani mwa kulemba ngati zimaloledwa, asunge yankho, ndipo bonasi ya olowa kumene aikane ngati malamulo akuti imodzi pa foni kapena pa nyumba. K5,000 yaulere ndi yochepa poyerekeza ndi ndalama yanuyanu imene ingatsekeredwe limodzi nayo.

Akaunti ikaimitsidwa, musatsegule ina. Ambiri amathamangira kutero ndi nambala ya mnzawo, ndipo pamenepo amakhala ataswadi lamulo limene poyamba ankangoganiziridwa. Kufufuta zonse m'foni kapena kulowa kudzera pa VPN nakonso kumaoneka ngati kubisa mapazi. M'malo mwake lembani kwa kampani, mufunse ndime yeniyeni ya malamulo imene akuti mwaphwanya. Fotokozani poyera kuti ndinu anthu awiri ogwiritsa foni imodzi, aliyense atumize chiphaso chake, pamodzi ndi mauthenga a foni osonyeza nambala ya malipiro, tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama zimene munaika. Posiyanitsa zofuna zanu, yambani ndi ndalama imene munaika nokha, chifukwa ndiyo yosavuta kuiikira umboni. Bonasi ndi zimene yabala kampani ikhoza kuzikana ngati malamulo ake anatchuladi foni kapena nyumba. Zikakanika, dandaulo lipite ku bungwe la MAGLA, limene limapereka ziphaso kwa makampani a juga m'Malawi muno. Njira imeneyi imagwira pa makampani okhala ndi chiphaso cha kuno. Wobetcha pa tsamba lakunja lopanda chiphasocho alibe ofesi m'dziko muno imene ingalikakamize kubweza ndalama.