Mayi wa pa bedi lakukona: mmene anamwino amaphunzirira kuzindikira sepusisi

Anamwino a chaka chomaliza akamaphunzira za sepusisi, mphunzitsi wodziwa ntchito yake sayamba ndi tanthauzo la m'buku. Amawapatsa wodwala papepala n'kuwasiya akanganirane. Wodwala wa phunziro lathu lero ndi wongoyerekeza, koma azamba akhoza kumuzindikira: mayi wa zaka 24, wolemera makilogalamu 60, amene anachira masiku atatu apitawo. Nsuwa inasweka kutatsala tsiku lathunthu kuti mwana abadwe. Lero akudandaula mutu, kuzizidwa ndi kupweteka m'munsi mwa mimba. Agadiyani, omwe ndi amayi ake omubereka, akuti: “Kuyambira usiku sakuyamwitsa bwino, akungogona. Si mmene amakhalira mwana wangayu.”

Pa tchati palembedwa kuti 6 koloko m'mawa thupi linatentha madigiri 38.4, mtima unkagunda ka 104 pa mphindi, bipi inali 112/70. Malo olembapo kapumidwe ali opanda kanthu. Tsopano ndi 10 koloko: kutentha 38.9, mtima ka 124, bipi 88/54, ndipo munthu atakhala pansi n'kuwerenga wapeza kuti mayiyu akupuma ka 28 pa mphindi.

“Muganiza chiyani?” akufunsa mphunzitsi.

“Malungo, aphunzitsi,” akuyankha wina, ndipo salakwa kuwaganizira. Kuno kwathu thupi likatentha malungo amayezedwa ndithu. Vuto limabwera pamene zotsatira zasonyeza kuti alipo, aliyense n'kupuma moyo ngati mlandu watha. Munthu akhoza kukhala ndi tizilombo ta malungo m'magazi pomwe chiberekero chake chikuwola ndi mabakiteriya, ndipo mankhwala a malungo sangakhudze mabakiteriyawo.

Sepusisi ndi pamene thupi, polimbana ndi tizilombo tolowa penapake, lipyola muyeso n'kuyamba kuwononga ziwalo zake zomwe. Mitsempha ya magazi imalefuka n'kutambasuka, madzi amadontha kuchoka m'mitsemphamo kupita mumnofu, ndiye bipi imatsika. Mtima umathamanga pofuna kubwezera. Ziwalo zikamaperewera magazi, asidi amachuluka m'thupi, ndipo munthu amapuma mofulumira kuti amuchepetse. Impso zimachepetsa mkodzo, ubongo umasokonezeka. N'chifukwa chake mawu a agadiyani aja ndi chizindikiro chenicheni cha matenda, choyenera kulembedwa monga bipi.

Apa mphunzitsi amachedwerapo pa malo opanda kanthu aja. Kapumidwe nthawi zambiri kamasintha bipi isanagwe, koma ndi komwe kamadumphidwa kwambiri chifukwa kalibe makina ake: pamafunika wotchi, maso ndi mphindi yathunthu. Ena amangolemba 20 osawerenga, chizolowezi chimene ine ndimachiona choopsa kuposa kusiya malowo opanda kanthu, poti wobwera pambuyo amakhulupirira bodzalo. Muyezo wachidule umene akatswiri anatulutsa mu 2016 umayang'ana zitatu zokha mwa munthu wamkulu woganiziridwa kuti ali ndi tizilombo: kupuma ka 22 kapena kupitirira, nambala yapamwamba ya bipi yofika 100 kapena kutsikirapo, ndi kusokonezeka mutu. Ziwiri zikapezeka, moyo uli pachiswe. Mayi wathu ali nazo zonse. Palinso kachizindikiro kena kosavuta: nambala ya kugunda kwa mtima ikaposa nambala yapamwamba ya bipi, monga 124 ndi 88, magazi sakuyenda mokwanira. Kutentha thupi kokha n'kosadalirika, chifukwa ena, makamaka okalamba ndi makanda, amazizira m'malo motentha.

Zotsatira zonse zichitike mkati mwa ola limodzi, ndipo namwino sachita yekha. Amaitana dokotala kapena kiliniko ofesa nthawi yomweyo, ndi mawu osazungulira: “Ndili ndi mayi wochira masiku atatu apitawo, ndikuganizira sepusisi, bipi 88/54, mtima 124, kupuma 28, akusinza. Bwerani tsopano.” Kunena kuti “mayi uja sakupeza bwino” kumachititsa woitanidwa kumaliza kaye mzere wa odwala ena.

Podikira, amaika makanyula awiri aakulu, amatenga magazi okayeza kuchuluka kwake, shuga ndi malungo. Kumene kuli labotale yotha kumeretsa mabakiteriya, magazi a ntchito imeneyo amatengedwa mankhwala asanalowe, koma ngati mabotolo ake palibe, mankhwala sadikira. Okosijeni amaperekedwa ngati kamakina ka pachala kasonyeza kuti watsika. Mankhwala opha mabakiteriya amalowera mumtsempha, monga seftirayakisoni magalamu 2 pamodzi ndi metironidazo mamiligalamu 500, kutengera zimene dokotala walemba ndi malamulo a chipatalacho. Nthawi imene alowadi ilembedwe, chifukwa mankhwala olembedwa 10 koloko n'kuperekedwa 2 koloko masana pa nthawi yogawa mankhwala amakhala ataya maola anayi.

Nkhani ya diripu ndi imene imautsa mtsutso m'kalasi. Malangizo otchuka a padziko lonse amati wodwala wa bipi yotsika alandire mamililita 30 pa kilogalamu iliyonse m'maola atatu oyamba, kutanthauza mamililita 1,800 kwa mayi wathu. Komabe kafukufuku wochitikira pa chipatala chachikulu cha ku Lusaka, wofalitsidwa mu 2017, anapeza kuti mwa odwala akuluakulu amene anapatsidwa madzi ochuluka mofulumira, 48 pa 100 alionse anamwalira, pomwe mwa olandira chisamaliro chanthawi zonse anamwalira 33. Ambiri mwa iwo anali ndi kachilombo koyambitsa edzi, ndipo makina othandiza kupuma anali osowa. Zimenezi sizikutanthauza kuti mayiyu amanidwe madzi. Amapatsidwa mamililita 500 a madzi amchere a m'diripu mofulumira, kenako namwino amabwerera kukayezanso: bipi yakwera? Mtima watsika? Kupuma bwanji? Ngati kupuma kwawonjezeka, okosijeni watsika ndipo m'chifuwa mukumveka kuthetheka, madzi ayamba kulowa m'mapapo, diripu ichepetsedwe ndipo dokotala adziwe. Mayi amene anali ndi bipi yokwera ali woyembekezera amafika msanga pa vuto limeneli.

Katheta amaikidwa kuti mkodzo uziyezedwa ola lililonse. Munthu wa makilogalamu 60 ayenera kutulutsa mamililita osachepera 30 pa ola, ndipo thumba likakhala louma, impso zikuvutika ngakhale bipi ikuoneka kuti yabwerera.

Mphunzitsi akutembenuza pepala. Papita mphindi 30: bipi 96/60, mtima 114, kupuma 26. Ophunzira akumwetulira, iye akufunsa: “Nanga tizilomboti tikuchokera kuti?” Mwa mayi amene wangochira amayang'ana chiberekero, bala la opaleshoni kapena la kunjira yoberekera, mabere, mkodzo, chifuwa, ngakhale pamene panali kanyula yakale. Mwa mayi uyu chiberekero chikupweteka chikakhudzidwa, sichinabwerere mmene chimayenera kukhalira pa tsiku lachitatu, ndipo zotuluka zikununkha. Mwina mwatsalira zidutswa za nsengwa. Zikatsala mmenemo, mankhwala angakhale amphamvu bwanji amangoziziritsa matendawo, choncho chiberekero chimayenera kuyeretsedwa mankhwala atayamba kale kulowa.

Ngati izi zikuchitikira pa chipatala chaching'ono chosatha ntchito imeneyo, mayiyu amatumizidwa ku chipatala cha boma la deralo atalandira kale mlingo woyamba wa mankhwala, diripu ikuyenda, namwino ali pambali pake m'ambulansi, ndipo kalata yake itanena zimene wapatsidwa ndi nthawi yake. Khanda nalo liyezedwe, poti nsuwa yosweka nthawi yaitali imaika onse awiri pangozi. Miyezo ya mayi imabwerezedwa mphindi 15 mpaka 30 zilizonse kufikira atakhazikika. Pakatha masiku awiri osasintha, pamaganiziridwa mafinya obisika m'mimba kapena mabakiteriya osamva seftirayakisoni, amene kafukufuku wa ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre wasonyeza kuti akhala akuchulukirachulukira.