Kafukufuku wa zaka zambiri m'mawu 350 okha

Wofufuza amene akufuna kukakamba za ntchito yake ku msonkhano wa akatswiri amayamba watumiza chidule cha kafukufuku wakeyo. Ku misonkhano ya bungwe la International AIDS Society, chidulecho sichiyenera kupitirira mawu 350. Munthu walemba mawu 500, adule pati?

Ambiri amalakwa poyambira kumunsi. Ndime yoyamba, yonena kuti Edzi ndi vuto lalikulu, amaisiya yonse poti anaivutikira, n'kumadula manambala a zotsatira. Komatu oweruza zidulezi ndi akatswiri, za kukula kwa vutolo amazidziwa kale. Iwo akufuna kumva chimene mwapeza.

Titenge kafukufuku wa HPTN 052, amene anachitika m'mayiko 9, kuphatikizapo kuno kwathu ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo zotsatira zake zinalengezedwa ku Rome mu 2011. Munali mabanja 1,763 omwe mmodzi anali ndi HIV pamene mnzake analibe. Ena anayamba kumwa ma ARV msanga, ena anadikira. Mwa anthu 28 amene zinatsimikizika kuti kachilombo anakatengera kwa mnzawo wa m'banjamo, 27 anali m'gulu lodikira, mmodzi yekha m'gulu loyamba msanga. Chiopsezo chinatsika ndi 96 peresenti.

Ziganizo zimenezi ndiye mutu wa nkhani. Zilembeni poyamba, muziwerenge mawu ake, otsalawo ndiwo mugawire zigawo zina. Kwa ine, chiyambi chimakwana ndi ziganizo ziwiri: chimene sichinkadziwika, ndi funso limene munafunsa. Pa njira yofufuzira nenani anthu ake, malo, nthawi ndi chimene munkayeza, basi.

Pali mawu ena ooneka ngati ongodzaza malo, chonsecho ndi amene agwira choona. Mu kafukufuku uja, onse amene anatenga kachilombo anali 39, osati 28. Ena aja sizinatsimikizike kuti anakatengera kwa mnzawo wa m'banjamo. Ndiye mukachotsa mawu akuti "kwa mnzawo wa m'banjamo" pofuna kupulumutsa mawu anayi, 96 peresenti ija yasanduka bodza. Oyenera kupita ndi monga akuti "zotsatira za kafukufukuyu zasonyeza kuti", zotsatira zing'onozing'ono zimene sizikuyankha funso lanu, ndi mathero ongobwereza manambala. Lonjezo lakuti zotsatira mudzazifotokoza pa msonkhano nalonso lichoke, chifukwa woweruza sangapereke malikisi pa chinthu chimene sanachione.

Mukamaliza, patsani mnzanu amene sakuudziwa kafukufukuyo awerenge kamodzi, kenako anene chimene munapeza. Akalephera kutchula nambala yaikulu ija ndi anthu amene ikuwakhudza, mwadula polakwika. Ndipo musadikire tsiku lomaliza: ikani chidulecho msanga pa fomu ya msonkhano, chifukwa mawerengedwe ake nthawi zina amasiyana ndi a Microsoft Word, ndipo okonza msonkhano amatsatira a fomuyo.