Kusankha ndi Kuyala Kapeti m'Chipinda Chodyera ndi pa Balaza

Kapeti yoyala pansi pa thebulo lodyera imayenera kupitirira thebulolo ndi masentimita 60 kapena kuposerapo mbali zonse. Chifukwa chake n'chakuti munthu akamakhala pansi kapena kunyamuka amakankhira mpando kumbuyo, ndipo kapeti ikachepa miyendo yampandoyo imakola m'mphepete, kapetiyo n'kumapindika. Mwachitsanzo, thebulo la anthu 6, lotalika masentimita 180 ndiponso masentimita 90 m'lifupi, limafuna kapeti ya masentimita 300 m'litali ndi 210 m'lifupi. Thebulolo limakhala pakatikati, ndipo kapeti yaubweya waufupi ndiyo yabwino chifukwa nyenyeswa za nsima sizivuta kusesa.

Pa balaza, kapeti imayalidwa moti miyendo yakutsogolo ya sofa ndi mipando ina ipondepo, kathebulo kali pakati. Kapeti yongokwanira kathebuloko imachititsa mipando kuoneka yomwazikana. Pakati pa kapeti ndi khoma pamasiyidwa mpata wa masentimita pafupifupi 30 mpaka 45 kuti pansi pazionekako, komanso kapetiyo isatsekereze chitseko. Pa matailosi kapena simenti yoterera, pansi pa kapeti pamayalidwa mphira woletsa kutsetsereka.