Nambala 42 ya ku China si 42 ya ku Ulaya: yezani phazi musanaitanitse nsapato

Pa kaunjika munthu amaponda nsapato, n'kuyenda pang'ono, ikathina n'kuibweza pamulu. Pa intaneti mwayi umenewu palibe. Katundu akachokera ku China, ku Britain kapena ku America, amatha masabata ali m'njira, ndipo akafika ali wothina, ndalama yomubwezera nthawi zambiri imaposa mtengo wa nsapatoyo. N'chifukwa chake tchati cha masaizi, kaja ambiri timangokadumpha pothamangira kulipira, ndicho choyenera kuchiwerenga modekha kuposa china chilichonse patsambalo.

Ambirife tinazolowera kunena kuti "ndimavala 8", ndipo 8 ameneyu ndi wa ku Britain, amene amagwiritsidwanso ntchito ku South Africa. Mu kawerengedwe kameneka, saizi iliyonse imasiyana ndi inzake ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a inchi, pafupifupi mamilimita 8.5. Ku Ulaya amawerenga mwina: nambala iliyonse imakwera ndi mamilimita pafupifupi 6.7, n'chifukwa chake masaizi awo ndi a 40, 41, 42. Masitepe awiriwa salingana, choncho kusandutsa saizi ya ku Britain kukhala ya ku Ulaya kumangoyandikira, sikugwera ndendende. Aku America nawo ali ndi makwerero awiri, a abambo ndi a amayi. Ya abambo imaposa ya ku Britain ndi theka kapena nambala imodzi, ya amayi imaposa ndi ziwiri kapena ziwiri ndi theka. Mayi wovala 5 kuno akaitanitsa 5 ya amayi ya ku America, imene idzafike ndi ya mwana wake.

Ngakhale makampani akuluakulu samvana okhaokha. Tayang'anani kachikwangwani kam'kati mwa lilime la nsapato za abambo. Pa Adidas, UK 8 imalembedwa limodzi ndi US 8½ ndi 42. Pa Nike, UK 8 yomweyo ili ndi US 9 ndi 42.5. Palibe walakwa. Kampani iliyonse ili ndi chikombole chake choumbirapo nsapato, ndipo nambala imatsatira chikombolecho.

Chimene sichisintha kulikonse ndi kutalika kwa phazi lanu. Kuliyeza sikufuna zida zodula: pepala, pensulo, rula ndi khoma. Ikani pepala pansi pa simenti, m'mphepete mwake mutagunda khoma. Imirirani papepalalo chidendene chitakhudza khoma, thupi lonse litatsamira pa phazilo, pakuti phazi lopondedwa limatambasuka kuposa lolendewera. Wina alembe kamzere pamene pathera chala chotalika kwambiri, chimene kwa anthu ena si chachikulu koma chachiwiri. Pensulo iime chilili, isapendekere pansi pa chala. Kenako yezani kuchokera kumapeto kwa pepala kufika pakamzereko. Chitani zimenezi madzulo, chifukwa mapazi amatupa pang'ono munthu akayenda tsiku lonse, ndipo muvale masokosi amene mudzavalire nsapatoyo. Yezani mapazi onse awiri. Kawirikawiri limodzi limakhala lalikulupo, ndipo lalikululo ndilo lolamula.

Tiyerekeze bambo amene amavala UK 8 kapena 42. Wayeza, lamanzere lakwana masentimita 26.1, lamanja 26.4. Waona nsapato kwa wogulitsa wa ku China, ndipo tchati chikuti 42 ndi 260, 43 ndi 265, 44 ndi 270. Manambala aakuluwo ndi mamilimita. Ogulitsa ambiri kumeneko amatsata kawerengedwe kawo kakale: masentimita a phazi kuchulukitsa kawiri, n'kuchotsapo 10. Phazi la masentimita 26 limapereka 42, ndipo nambala iliyonse imakwera ndi mamilimita 5 okha. Bamboyu akatsata chizolowezi n'kusankha 42, wagula nsapato ya phazi la mamilimita 260 pomwe lake ndi 264. Mamilimita anayi amaoneka ochepa parula, koma ndi okwanira kutulutsa matuza pachala ndi kudetsa chikhadabo. Yake ndi 43. Muyeso ukagwa pakati pa manambala awiri, tengani yapamwamba, chifukwa nsapato yokhwepa pang'ono imakonzeka ndi sokosi yochindikala, koma yaifupi siitalika. Chikopa chimatha kufutukuka m'mbali, m'litali ayi.

Asanalipire, pali chinthu china choti bamboyu aone, ndipo apa ndi pamene anthu osamala omwe amagwera. Kodi mamilimita a pa tchaticho akuyeza chiyani? Ngati pamwamba pa mzerewo palembedwa Foot length, ndiye kuti ndi kutalika kwa phazi, ndipo malo opumira zala awerengeredwa kale. Koma ngati palembedwa Insole length, akunena kutalika kwa chopondera cham'kati mwa nsapato. Pamenepo phazi la 264 silingalowe bwino mu 265. Liyenera kuwonjezeredwa pafupifupi sentimita imodzi, ndiye bamboyu afunefune 275. Njira yosavuta yotsimikizira ndi kusolola chopondera cha nsapato imene imakukwanani bwino, n'kuchiyeza. Tchati chikapanda kunena chimene chikuyeza, mulembereni wogulitsayo mumufunse. Akalephera kuyankha funso laling'ono ngati limeneli, ine ndingamusiye n'kukagula kwina.

Kutalika si zonse. Anthu ambiri amene anakula akuyenda opanda nsapato kapena ovala mapatapata ali ndi mapazi otambalala kutsogolo. Masitolo a ku America amasonyeza m'lifupi ndi zilembo: kwa abambo D ndi ya masiku onse, 2E ndi yotakasuka, kwa amayi B ndi ya masiku onse, D ndi yotakasuka. Ngati nsapato zanu zakale zimayamba kung'ambika pambali pa kachala kakang'ono, vuto lanu ndi m'lifupi, ndipo kukwera nambala kungokupatsani nsapato yaitali yovuka kuchidendene.

Pa zovala funso ndi lomweli: akuyeza thupi kapena chovala? Zilembo S, M, L ndi XL zilibe muyeso umodzi wa dziko lonse, ndipo XL ya ku China nthawi zambiri imafanana ndi M kapena L ya ku America. Pitani kwa telala akuyezeni chifuwa, chiuno, matako ndi mapewa, mulembe m'masentimita. Tchati chikakhala m'mainchesi, chulukitsani ndi 2.54. Ngati chifuwa chanu ndi masentimita 100 ndipo tchati chikuyeza thupi, sankhani mzere wa 100. Ngati chikuyeza malaya enieniwo, 100 sadzamangika mabatani. Mufunika 108 kapena 110 kuti mupume ndi kukweza manja. Mukaona kanambala kochepa ngati 54 pa chifuwa cha malaya a munthu wamkulu, musadabwe: ayala malayawo patebulo n'kuyeza kuchokera kukhwapa kufika kukhwapa, ndipo kuzungulira kwake ndi 108. Yalani malaya anu okukwanani momwemo, muyeze, muyerekeze.

Zovala zambiri za ku China zimakhalanso ndi chizindikiro chonga 175/96A. Nambala yoyamba ndi msinkhu wa wovala m'masentimita, yachiwiri ndi chifuwa chake, kapena chiuno ngati ndi thalauza, ndipo chilembo chikunena kaumbidwe ka thupi. A ndi thupi lapakatikati, B ndi C ndi a mimba yokulirapo, Y ndi wa chiuno chowonda. Chizindikiro chimenechi n'chodalirika kuposa XL, chifukwa chikunena za thupi la munthu m'manambala amene mungawatsimikize ndi tepi. Ogulitsa ambiri amachenjezanso kuti miyeso yawo ingaphonye ndi sentimita imodzi mpaka atatu poti amayeza pamanja, choncho pa nsalu yosatamuka musasankhe saizi imene yangokwana ndendende.