Manambala awiri ndi nyenyezi zitatu: kompyuta ikukumbutseni za mankhwala

Tinene kuti adokotala akuuzani kuti muzimwa mankhwala 8:30 usiku uliwonse, ndipo mwalemba kale kapulogalamu kokutumizirani uthenga wokukumbutsani. Koma ndani azikadzutsa nthawiyo ikakwana? Pa makompyuta a Linux, ntchito imeneyi ndi ya pulogalamu yotchedwa cron. Ndi yakalekale: idayamba ndi Unix m'zaka za m'ma 1970, ndipo mtundu wake umene Paul Vixie adalemba mu 1987 ndiwo udabala ambiri amene alipo lero.

Khalidwe la cron silovuta kulimvetsa. Mphindi iliyonse amayang'ana koloko ya kompyuta, n'kuiyerekeza ndi mizere imene mwamulembera. Nthawi ikagwirizana ndi mzere wina, amayendetsa lamulo la pa mzerewo. Ikapanda kugwirizana, amadikira mphindi yotsatira. Basi.

Mizereyo mumalemba mukatsegula fayilo yanu ndi lamulo la `crontab -e`. Wa mankhwala aja ungaoneke chonchi:

```
30 20 * * * /home/mwini/kumbutsa.sh
```

Kumapetoko ndi kapulogalamu kanu. Nkhani yonse ili pa malo asanu oyambirirawo. Oyamba ndi a mphindi, kuyambira 0 mpaka 59. Achiwiri ndi a ola, kuyambira 0 mpaka 23. Kenako pamabwera tsiku la mwezi, mwezi weniweniwo, ndipo pomaliza tsiku la sabata. Taonani kuti mphindi ndiyo imatsogola, ola n'kubwera pambuyo, mosiyana ndi mmene timatchulira nthawi pakamwa. Komanso cron sadziwa za m'mawa kapena usiku. Amawerenga maola 24. Mukalemba 8 m'malo mwa 20, uthenga udzakupezani m'mawa mukumwa tiyi.

Kanyenyezi ndi kamene kamapusitsa anthu ambiri. Ena amakatenga ngati malo ongosiyidwa opanda kanthu, pamene tanthauzo lake ndi lakuti chilichonse chimene chingakhale pamenepo n'chololedwa. Pa mzere wathu, nyenyezi zitatuzo zikunena kuti tsiku lililonse la mwezi, mwezi uliwonse, tsiku lililonse la sabata. Tsono wina wofuna 8 koloko yeniyeni amaganiza kuti mphindi zilibe ntchito, n'kulemba `* 20 * * *`. Kwa cron, mzere umenewu ukugwirizana ndi 20:00, 20:01, 20:02, mpaka 20:59. Munthuyo adzalandira mauthenga 60 pa ola limodzi, usiku uliwonse. Choyenera chinali `0 20 * * *`. Ziro ameneyo ndi nambala yeniyeni, ndipo ndiye amatseka khomo la mphindi 59 zotsalazo.

Malo achisanu amathandiza ngati chikumbutso n'cha masiku a ntchito okha. Lamulungu ndi 0, Lolemba ndi 1, mpaka Loweruka lomwe ndi 6, choncho `30 20 * * 1-5` ndi Lolemba mpaka Lachisanu.

Mzere ukhoza kulembedwa bwinobwino koma uthenga osafika, kapena kufika pa nthawi yolakwika. Ukamachedwa ndi maola awiri enieni tsiku lililonse, musavutike n'kusintha kapulogalamu. Vuto ndi koloko. Maseva ambiri obwereka pa intaneti amayendera nthawi ya UTC, pamene Malawi, Zambia ndi Mozambique ali patsogolo ndi maola awiri. Pa seva yotere, 20:30 ndi 10:30 usiku kwathu kuno. Lamulo la `date` limakuonetsani nthawi imene makinawo akuyendera. Ngati ndi UTC, lembani 18 pa malo a ola.

Uthenga ukapanda kufika n'komwe, kawirikawiri n'chifukwa chakuti cron sayendetsa zinthu monga mmene inu mumachitira mutakhala pa kompyuta. Amafufuza mapulogalamu m'mafoda ochepa chabe, ndiye kapulogalamu kamene kamayenda bwino m'manja mwanu kakhoza kulephera m'manja mwake. N'chifukwa chake talemba njira yonse kuyambira pa `/home`, ndipo malamulo a m'kati mwa kapulogalamuko afunika kulembedwa chimodzimodzi. Kuti muone chimene chalakwika, onjezani izi kumapeto kwa mzere:

```
>> /home/mwini/kumbutsa.log 2>&1
```

Zonse zimene kapulogalamuko kanena, ndi madandaulo omwe, zidzasungidwa mu fayilo imeneyo. Ndipo palibe chifukwa chodikira usiku kuti muyese: ikani nthawi ya mphindi ziwiri zikubwerazi, muone ngati uthenga wafika, kenako bwezerani 30 ndi 20.

Pali malire amodzi amene mzere uliwonse sungawadumphe. Ngati kompyuta inali yozima pa 20:30, mwina chifukwa magetsi anazima, cron salipira ngongole. Mukayatsa 20:31, tsikulo lapita. Pulogalamu ina yotchedwa anacron imayendetsa ntchito zimene zinaphonyedwa, koma iyo imawerenga masiku, osati ola lenileni, choncho pa mankhwala siyithandiza kwenikweni. Ngati mulibe makina okhala oyaka usana ndi usiku, chikumbutso cha mankhwala chisiyeni pa alamu ya foni.