Mawu Osonyeza Poima pa Msika: Kampani Yaing'ono Pakati pa Zimphona

Lero tikamba za kachiganizo kamodzi kamene kampani imalemba isanayambe kuitanira malonda ake, kachiganizo konena malo amene yasankha kuima pa msika. Tikamba makamaka za makampani akuno kwathu opanga mapulogalamu a pa kompyuta, amene akupikisana ndi anzawo akuluakulu a kunja.

Amene anafalitsa kwambiri ganizo limeneli ndi Al Ries ndi Jack Trout a ku Amereka, m'buku lawo la mu 1981. Iwo anaphunzitsa kuti malo amene wamalonda amalimbirana ali m'mutu mwa wogula, ndipo wogula amasunga mfundo imodzi yokha pa dzina lililonse. Mu 1991 Geoffrey Moore anapereka kalembedwe kamene ambiri amatsata. Chiganizocho chimanena amene mwamupangira katunduyo, vuto lake, mtundu wa katundu wanu, phindu lake lalikulu, amene mukupikisana naye, ndi chimene mukusiyana naye.

Tiyerekeze kampani ya anthu asanu mu mzinda wa Blantyre. Iwo apanga pulogalamu yowerengetsera malipiro a antchito pakutha pa mwezi. Pa msika womwewo pali mayina odziwika pa dziko lonse pa nkhani yosunga mabuku a ndalama, monga Sage ya ku Mangalande ndi QuickBooks ya ku Amereka. Anzathu aja akhala pansi nalemba motere: "Ndife kampani ya Amalawi yopereka mapulogalamu amakono, odalirika ndi otsika mtengo kwa mabizinesi onse."

Mawuwa ndi okoma m'khutu, koma tiyeni tiwayese. Fufutani dzina lanu, muikepo la wopikisana nanu. Kodi kampani ya kunja singanene kuti mapulogalamu ake ndi amakono ndi odalirika? Inganene, ndipo anthu angaikhulupirire msanga kuposa inu, chifukwa yakhala pa ntchitoyi zaka zambiri. Chatsala ndi mawu akuti "ya Amalawi." Amenewa ndi oona, koma mkulu wosunga ndalama pa kampani sagula chifukwa cha chibale. Akalakwitsa malipiro, amene adzayankhe mlandu ndi iye. Nako kunena kuti "mabizinesi onse" ndi msampha, pakuti banki ndi golosale sizifuna zinthu zofanana. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Tsono njira yabwino ndi iti? Musayambe ndi cholembera. Yenderani makasitomala khumi amene akulipira kale, ndipo aliyense mumufunse mafunso awiri. Loyamba: "Tikadapanda kukhalapo ife, mukadagwiritsa ntchito chiyani?" Lachiwiri: "Kodi chinachitika n'chiyani sabata imene munaganiza zotifunafuna?" Funso loyamba likuonetsani mdani weniweni. Mwina mudzadabwa kumva kuti ambiri sakadagula za kunja nkomwe, akadapitiriza kuwerengetsa pa Excel monga kale. Funso lachiwiri likuonetsani bala limene linawapweteka.

Tinene kuti anzathu aja apeza kuti asanu ndi awiri mwa khumiwo ndi masukulu ndi zipatala zomwe si za boma, zokhala ndi antchito pakati pa 20 ndi 100, pomwe kalaliki mmodzi ndiye amasenza zonse. Kalalikiyu ayenera kudula msonkho wa PAYE ndi kuupereka ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Ayeneranso kuwerengera penshoni, 5 pa 100 iliyonse kuchokera kwa wantchito ndi 10 pa 100 iliyonse kuchokera kwa wolemba ntchito. Ndipo boma likasintha magawo a msonkho, iye ayenera kukonzanso masamu ake onse. Apa tapeza munthu wathu ndi vuto lake.

Tsopano tifike pa gawo lovuta, la kusiyana kwanu ndi zimphona. Apa lamulo ndi lakuti musanamizire mnzanu. Musalembe kuti mapulogalamu a kunja sadziwa msonkho wa Malawi musanafufuze, chifukwa wogula akapeza mmodzi yekha woudziwa, mawu anu onse agwa. Funani chinthu chimene wamkuluyo sangachite mosavuta chifukwa cha ukulu wake womwewo. Kampani yogulitsa m'mayiko ambiri kawirikawiri imaika mtengo mu ndalama zakunja. Mu Novembala 2023, pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100, dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Sukulu imene inkalipira madola 30 pa mwezi inadzuka ikufunika K51,000 m'malo mwa K35,400, isanawonjezere wantchito ndi mmodzi yemwe. Fizi ya ana inali itaikidwa kale. Wosunga ndalama amene anakumana ndi zimenezi saiwala.

Nachi tsono chiganizo chatsopano cha anzathu aja: "Kwa masukulu ndi zipatala zomwe si za boma, za antchito 20 mpaka 100, zimene kalaliki mmodzi amawerengetsa malipiro onse, yathu ndi pulogalamu ya malipiro imene imatulutsa PAYE ndi penshoni zolondola tsiku la 14 lisanafike. Mosiyana ndi mapulogalamu olipiridwa mu madola, mtengo wathu ndi wa makwacha, susintha kwa miyezi 12, ndipo mungalipire pa Mpamba kapena Airtel Money."

Taonani zimene zasiyidwa. Sananene kuti ndi otsika mtengo, chifukwa wamkulu angathe kutsitsa mtengo wake kwa chaka chathunthu osamva kuwawa, pamene wamng'ono angatseke. Iwo alonjeza mtengo wodziwika, umene munthu angaulembe mu bajeti. Ndipo Umalawi wawo sanautchule ndi dzina, koma ukuonekera mu zinthu zimene wogula angazigwire: makwacha, tsiku la 14, kulipira pa lamya.

Koma lonjezo lililonse lili ndi mtengo wake. Ngati kampaniyi imachita lendi makina osungira zinthu zake kunja, nayonso imalipira madola. Kwacha ikagwa mwezi wachitatu wa mgwirizano, iyo idzasenza yokha kusiyanako kwa miyezi isanu ndi inayi. Choncho asanasindikize mawuwo, awerengetse kuti ndi gawo lanji la ndalama zimene amawononga limene lili mu madola. Ngati ndi laling'ono, lonjezo lingapirire. Ngati ndi theka, achepetse lonjezolo likhale la miyezi isanu ndi umodzi. Komanso chiganizochi chidzawakaniza malonda ena. Fakitale ya antchito 2,000 yokhala ndi nthambi ku Zambia ikagogoda, yankho loona n'lakuti ikafune kwa akuluakulu aja. Chiganizo chimene sichikukanizani kasitomala aliyense sichinasankhe kanthu.

Mungadziwe bwanji kuti mwalemba bwino? Werengerani chiganizocho mphunzitsi wamkulu amene sakudziwani, ndipo mawa lake mumufunse kuti kampani ija imachita chiyani. Akayankha kuti, "Ndi aja a malipiro a makwacha," mwakhoza. Akati, "Ndi aja a makompyuta," bwererani mukalembenso. Chizindikiro china chidzaoneka pa mafunso a anthu oimba lamya. Ngati ambiri akufunsabe za pulogalamu yowerengera katundu wa m'sitolo, ndiye kuti mawu anu sanafike.

Potsiriza, kumbukirani kuti chiganizochi si cha pa chikwangwani. Ndi cha m'nyumba, chowongolera wotsatsa malonda, woyankha lamya ndi wolemba pulogalamu, kuti onse adziwe chimene ayenera kukonza poyamba boma likasintha msonkho. Kwa lero tilekeze pomwepa.