Kalata ikayamba ndi “Wokondedwa” popanda dzina

Mlembi wa sukulu akamakonza makalata a makolo mu Word, mayina akuchokera mu Excel, vuto nthawi zambiri limakhala mu mndandandamo. Word imatenga mzere woyamba wa Excel kukhala mitu ya madanga. Mukayika dzina la sukulu pamwambapo, mitu yeniyeni ngati Dzina ndi Kalasi imasanduka kalata yoyamba. Fufutani mzerewo. Mizere yopanda dzina pakati pa mndandanda imabala makalata opanda mayina. Ichotseni chizindikiro mu Edit Recipient List.

Moni wobwerezabwereza umadza mukalemba nokha “Wokondedwa”, kenako n'kuyikanso Greeting Line, yomwe imabwera ndi moni wakewake. Siyani umodzi, kapena mugwiritse ntchito Insert Merge Field kuti mulowetse dzina lokha.

Kalasi ikaoneka pamalo pa dzina, tsegulani Match Fields. Word imangoyerekeza, ndipo mitu ya Chichewa siyizindikira. Pa First Name sankhani Dzina.

Musanasindikize, dinani Preview Results n'kuona kalata yoyamba, yapakati ndi yomaliza. Cholakwika chikakhala m'makalata onse, konzani mu Word. Chikakhala m'kalata imodzi, konzani mzere wake mu Excel.